Wakutumani Ndani? Kuulula Malonda Olipiridwa M'makanema

(KANYIMBO KOTSEGULIRA, KENAKA KATSIKE)

WOULUTSA:



Tiyambire pa depoti ya basi. Mukafika pa Wenela ku Blantyre, kapena pa depoti ya ku Lilongwe, mnyamata woitanira amakuthamangirani n'kunena kuti, "Mayi, kwerani iyi, ikunyamuka pompano, yatsala malo awiri okha!" Simukwiya naye mnyamatayo, koma simumukhulupiriranso msanga. Mumayamba mwasuzumira m'katimo kuti muone ngati mipando yadzazadi. Mumatero chifukwa mukudziwa kuti iye amadyera pomwepo, ndipo mawu ake mumawayeza ndi muyeso woyenera munthu wolipidwa. Koma akakhala mnansi wanu amene mwakumana naye pachipata, iye n'kukuuzani kuti, "Kwerani ija, ine ndabwera pa yomweyo, dalaivala wake ndi wodekha," mumakwera osasuzumira n'komwe.

Tsopano taganizani kuti mnansi uja analandira kangachepe kwa kondakitala m'mawa, koma inu sanakuuzeni. Minibasi ikhoza kukhala yabwinodi. Mukhoza kufika bwino. Komabe wakulandani kanthu: wakulandani mpata woti musuzumire.

Nkhani yathu lero ndi imeneyi, koma yasamukira m'makanema a pa YouTube, TikTok, Facebook ndi Instagram. Munthu amene mumamuonera tsiku ndi tsiku, amene mumamutenga ngati mnansi, akayamikira sopo, foni, mafuta odzola kapena kampani yotumizira ndalama, kodi akulankhula za kumtima kapena watumidwa? Ngati watumidwa, ayenera kunena. Funso lalikulu ndi lakuti anene pati, anene liti, ndipo anene motani.

Kuno kuwailesi tinazolowera kale. Pulogalamu ikamayamba mumamva kuti, "Akukupatsirani pulogalamuyi ndi akutiakuti." Palibe amazimitsa wailesi chifukwa cha mawu amenewo. Amangothandiza womvera kudziwa amene waika ndalama kumbuyo kwa zimene akumva.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndikufuna tikhalitse pa mlandu umodzi wa ku Amereka, chifukwa muli pafupifupi zonse zimene wojambula aliyense ayenera kudziwa.

M'chaka cha 2014 kampani ya Warner Bros. inatulutsa gemu ya pakompyuta yotchedwa Middle-earth: Shadow of Mordor. Pofuna kuitsatsa, inadzera kwa kampani ina yoona za kutsatsa malonda, ya Plaid Social Labs, ndipo inalemba ganyu anthu otchuka pa YouTube amene amajambula makanema akusewera magemu. Aliyense anapatsidwa gemuyo ulere isanafike m'masitolo, komanso ndalama. Ena analandira madola mazana angapo, ena madola masauzande makumi angapo. Mmodzi wa iwo anali PewDiePie, amene nthawi imeneyo anali ndi omutsatira ochuluka kuposa wina aliyense pa YouTube. Makanema onsewo anaoneredwa maulendo oposa 5.5 miliyoni, ndipo wa PewDiePie yekha anaoneredwa maulendo oposa 3.7 miliyoni.

Ndalamazo zinabwera ndi malamulo ake. Wojambula anayenera kuionetsa gemuyo mokoma, osailankhulira zoipa, ndiponso osaonetsa zolakwika zimene angakumane nazo posewera. Taimani kaye pamenepa. Mnyamata amene akuonera kanemayo akufuna adziwe ngati gemuyo ndi yoyenera ndalama zake. Akuona munthu amene amamukhulupirira akusewera, akuseka, osadandaula kanthu. Iye akuganiza kuti kusadandaulako kukutanthauza kuti gemuyo ilibe vuto, osadziwa kuti wojambulayo anasainira pepala lomuletsa kudandaula. Gemuyo inali yabwino ndithu, anthu ambiri anaikonda. Koma woonera sanapatsidwe mpata wosiyanitsa chete wa munthu wokhutira ndi chete wa munthu womangidwa pakamwa.

Chimene chimapangitsa mlanduwu kukhala wofunika kwambiri ndi ichi: sikuti onse anabisiratu. Warner Bros. inawauza ojambulawo kuti alembe zoti kanemayo ndi wolipiridwa. Koma inawauza kuti alembe m'kabokosi ka mawu ofotokozera kamene kamakhala pansi pa kanema. Inu amene mumaonera YouTube mukukadziwa kabokosiko. Kamangoonetsa mizere yochepa yoyambirira, ndipo kuti muwerenge zotsalazo mumayenera kudina pamalo pamene nthawi imeneyo pankalembedwa kuti Show more. Makanema ambiri mawu oululawo anali pansi pa pamenepo, pamalo pamene munthu wongobwera kudzaonera safikapo. PewDiePie anali m'gulu la amene analembadi mawuwo m'kabokosimo. Ena anangolemba kuti analandira gemu isanatuluke, osatchula kuti analandiranso ndalama.

Bungwe la boma la Amereka loteteza ogula, la Federal Trade Commission, limene mwachidule amati FTC, linaitengera nkhaniyi kumlandu, ndipo mu Julayi 2016 linalengeza kuti lagwirizana ndi Warner Bros. za kathetsedwe kake. Maganizo a bungweli anali omveka: mawu amene woonera sawaona ali ngati sananenedwe. Linaonanso chinthu china chimene chikutikhudza kwambiri ife kuno. Ojambula aja ankaikanso makanema awo pa Facebook ndi pa Twitter, ndipo kanema akafika kumeneko kabokosi kaja kankatsala. Woonera wa ku Facebook analibe ngakhale poti adine.

Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

Nanga amene anayankha mlandu ndani? Sanali PewDiePie, sanali ojambula enawo. Inali kampani imene inatulutsa ndalama. Panalibe chindapusa pa mlanduwu, koma Warner Bros. inamangidwa ndi lamulo loti kuyambira pamenepo iziphunzitsa anthu amene yawalemba ganyu za kuulula, izilondola makanema awo kuti ione ngati aululadi, ndipo amene sakutsatira izimuimitsira malipiro kapena kuthetsa naye mgwirizano.

Apa ndiye pali yankho la funso limene ojambula ambiri amafunsa: n'chifukwa chiyani kampani yeniyeni, imene mungaganize kuti ingakonde kubisala, ndi imene imaika m'kontirakiti kuti uulule, n'kufunanso kuona kanemayo asanatuluke? Ndi chifukwa chakuti moto ukabuka umayambira pakhomo pake. Lamulo limati wotumidwa akasocheretsa anthu, womutumayo sangasambe m'manja.

Mlandu wina wa chaka cha 2015 ukuonetsa mbali inayo. Kampani ya Machinima inalipira ojambula kuti ayamikire makina osewerera magemu a Xbox One, a kampani ya Microsoft. Awiri mwa ojambulawo analandira madola 15,000 wina ndi 30,000 wina, ndipo sanaulule. FTC inagwira Machinima, koma inatseka kafukufuku wake pa Microsoft ndi kampani yake yotsatsa malonda ya Starcom. Chifukwa chake chinali chakuti makampani awiriwa anali kale ndi ndondomeko yoletsa zoterezi, ndipo atangomva kuti zachitika anaumiriza kuti mawu oulula aikidwe m'makanemawo. Ndondomeko yolembedwa ndi imene inawapulumutsa. Wotsatsa malonda wanzeru amadziwa zimenezi, ndipo akakupatsani kontirakiti yokhala ndi ndime ya kuulula sakukuvutitsani, akudziteteza, n'kukutetezaninso inu.

Musaganize kuti wojambula ndiye sakhudzidwa. Mu 2017 FTC inagwira anyamata awiri otchuka pa YouTube, Trevor Martin ndi Thomas Cassell, amene ankajambula makanema akuwina pa tsamba la juga la CSGO Lotto, osauza oonera kuti tsambalo ndi lawo lomwe. Pamenepo panalibe kampani ina yowatuma. Iwo anali eni ake a minibasi, atavala ngati apaulendo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Mukumvera pulogalamu yathu, ndipo lero tikukamba za kuulula malonda olipiridwa m'makanema.

Tafika pa funso lakuti "kulipidwa" n'kutani. Ambiri amaganiza kuti ndi ndalama zokha. Malangizo a FTC amayang'ana ubale wina uliwonse pakati pa iwe ndi mwini katundu, umene woonera atati waudziwa ungasinthe kulemera kwa mawu ako. Ndalama ndi ubale. Katundu waulere ndi ubale, ngakhale kampaniyo isanakuuze kuti umujambule. Kugona ulere ku loji ya kunyanja n'kujambulako kanema woyamikira zipinda ndi ubale. Komishoni imene umalandira wina akagula kudzera pa linki yako kapena pa nambala yako yochotsera mtengo ndi ubale. Ngati shopu imene ukuyamikira ndi ya malume ako, kapena ndi kumene umagwira ntchito, umenewonso ndi ubale. Koma ngati unagula wekha sopoyo ndi ndalama zako, n'kumukonda, palibe choulula. Yamikira momwe ungafunire.

Ena amati, "Ine ndinanena kuti zikomo kwa kampani yakutiyakuti, kodi si kuulula kumeneko?" Nkhani imeneyi inaweruzidwa ku Britain mu Novembala 2014. Kampani ya Mondelez inalipira anthu otchuka pa YouTube kuti ajambule makanema a mpikisano wonyambita kirimu wa m'mabisiketi a Oreo. Ojambulawo anathokoza a Oreo kuti ndiwo athandiza kuti kanemayo atheke. Bungwe loyang'anira zotsatsa malonda kumeneko, la Advertising Standards Authority, linati mawu amenewo ndi osakwanira. Kuthokoza kumangosonyeza kuti kampani inathandizapo, koma sikunena kuti kanema yenseyo ndi malonda amene kampaniyo inali ndi ulamuliro pa zonenedwamo. Linanenanso kuti woonera ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kuonera, osati atamaliza.

Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri m'Chichewa kuposa m'Chingelezi. Ife timathokoza pa chilichonse. Timathokoza wotipatsa mpando, wotilozera njira, wotibwereka chaja. "Zikomo kwa akutiakuti" pakamwa pathu ndi ulemu wamba, ndipo palibe woonera angamvemo kuti ndalama zadutsa. Chimodzimodzi mawu monga "anzathu a kampani yakuti" kapena "ndine kazembe wawo". Amamveka bwino, koma sanena chimene chachitika. Mawu oyenera ndi amene mwana wa sitandade 5 angamve: andilipira, andipatsa ulere, ndimalandirapo komishoni, shopuyi ndi ya m'bale wanga.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tiyeni titsate ntchito imodzi kuyambira pachiyambi, mongoyerekeza.

Tinene kuti ndinu mayi wojambula makanema ophika. Mumaonetsa kaphikidwe ka futali, chigumu, chambo cha pamakala, ndipo anthu amakukondani chifukwa mumalankhula ngati muli nawo kukhitchini. Tsiku lina kampani yopanga mafuta ophikira yakuimbirani foni. Akuti akupatsani katoni ya mafuta ndi K150,000 kuti mukazinge mandasi ndi mafuta awo m'kanema mmodzi.

Chinthu choyamba sichichitika pa foni yojambulira, chimachitika pokambirana. Afunseni kuti akufuna munene chiyani, ndipo akukuletsani kunena chiyani. Akakuuzani kuti munene zoti mafutawa amatsitsa kuthamanga kwa magazi, funsani umboni, ndipo ngati palibe, kanani. Kuulula kuti mwalipidwa sikuyeretsa bodza. Akakuuzani kuti musatchule zoti akulipirani "kuti zioneke zachilengedwe", dziwani kuti akufuna kugula chikhulupiriro cha oonera anu, osati nthawi yanu, ndipo chikhulupiriro chimenecho simudzachigulanso ndi K150,000. Pemphani kuti zonse mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pa foni, ndipo muusunge.

Kenaka aphikireni mafutawo musanajambule. Malangizo a FTC ndi achindunji pamenepa: sungafotokoze za katundu amene sunamugwiritse ntchito ngati kuti unamugwiritsa, ndipo ngati unamuyesa n'kupeza kuti ndi woipa, sunganene kuti ndi wapamwamba chifukwa choti walipidwa. Mafuta akachita thovu kapena akafuka utsi msanga, muli ndi ufulu wobweza ndalama.

Tsopano mukujambula. Mawu oulula abwere m'masekondi oyambirira, musanayambe kuyamikira, ndipo atuluke pakamwa panu. Mwachitsanzo: "Moni nonse. Kanema wa leroyu andilipira a kampani ya mafuta awa, ndipo mafutawo andipatsa ulere. Tiyeni tione momwe mandasi atulukire." Mwatha. Sizinatenge masekondi 10. Pa nthawi yomweyo pa chithunzi paoneke mawu olembedwa, akulu bwino, a mtundu wosiyana ndi zakumbuyo, oti "Malonda olipiridwa", ndipo akhalepo nthawi yokwanira kuti munthu awerenge. N'chifukwa chiyani zonse ziwiri? Chifukwa wina akuonera m'minibasi atazimitsa mawu, pamene wina waika foni pa shelefu akumvetsera uku akutsuka mbale. Woyambayo ali ndi maso okha, wachiwiriyo ali ndi makutu okha.

Chilankhulo nachonso n'chofunika. Ngati kanema ndi wa m'Chichewa, kuulula kukhale kwa m'Chichewa. Kulemba #ad pansi pa kanema amene oonera ake ambiri sadziwa kuti zilembo ziwirizo zikuimira chiyani ndi kubwereza zimene anachita a Warner Bros., kungosintha malo obisira. Lembani #ad ngati kampani ikufuna, koma musasiyire pomwepo.

Mukamaika kanemayo pa YouTube pali sitepe ina. Lowani mu YouTube Studio, sankhani kanemayo, pitani pa Details, dinani Show more, ndipo mupeza gawo lolembedwa kuti Paid promotion. Chongani pamenepo n'kusunga. Mukatero, woonera aliyense amaona kachizindikiro kolembedwa kuti Includes paid promotion kwa masekondi angapo kanema akangoyamba. YouTube inabweretsa kachizindikiroka mu Okutobala 2016, miyezi yochepa chabe mlandu wa Warner Bros. utalengezedwa. Pa TikTok palinso batani loululira musanatumize kanema, ndipo mukasankha kuti mukutsatsa katundu wa kampani ina pamatuluka mawu oti Paid partnership. Mukasankha kuti mukutsatsa bizinesi yanu yomwe pamatuluka oti Promotional content. Pa Instagram ndi Facebook pamatulukanso Paid partnership pafupi ndi dzina lanu.

Ojambula ena amaopa kuchonga kabokosi ka YouTube poganiza kuti ataya ndalama za malonda amene YouTube imaika yokha pa kanema. Sizili choncho. Malondawo amapitirira kuoneka. Chimene chimasintha n'chakuti YouTube imatha kuchotsa malonda amene akupikisana ndi kampani imene yakulipiraniyo n'kuikapo ena. Taganizani mwini kampani ya mafuta uja atsegula kanema amene walipira, n'kupeza kuti asanayambe pakudutsa malonda a mafuta a mpikisani wake. Kabokosi kaja ndi kamene kamathandiza kupewa zimenezo. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene eni masamba amenewa amafunira kudziwa: iwonso ndi ogulitsa malo otsatsirapo malonda, ndipo safuna kukhumudwitsa makasitomala awo.

Chifukwa china ndi ana. Kanema amene wachongedwa kuti muli malonda olipiridwa YouTube imamuchotsa pa YouTube Kids, gawo lake la ana, chifukwa mwana wamng'ono satha kusiyanitsa nthano ndi malonda ngakhale mutamulembera. Chinanso ndi lamulo lowakhudza eni masambawo mwachindunji. Mu 2018 mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya unakonzanso lamulo lake la zoulutsa makanema, n'kulamula kuti masamba oikapo makanema akhale ndi njira yoti woika kanema anene ngati muli malonda, ndipo oonera adziwitsidwe. Popeza YouTube ndi imodzimodzi dziko lonse, batani limene likukwaniritsa malamulo a kutali ngati amenewa likupezekanso pa foni ya mayi wa ku Mchinji.

Kuchonga sikutsegula khomo la china chilichonse. Pali zinthu zimene YouTube salola kuti zitsatsidwe motere ngakhale mutaulula: mankhwala ozunguza bongo, mankhwala a kuchipatala ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala, ntchito zothandiza kubera mayeso, mabizinesi achinyengo, ndi masamba a juga amene YouTube kapena Google sinawaunike. Kanema wotere akhoza kuchotsedwa, ndipo tchanelo yanu ikhoza kulandira chilango.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndinati tibwerera ku mfundo ija ya kabokosi kotsala m'mbuyo, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse.

Taganizani momwe kanema amayendera kwathu kuno. Bandulo ndi yodula, choncho si onse amaonera pa YouTube penipeni. Mmodzi amamutsitsa, n'kumuponya pa gulu la WhatsApp la mpingo, kuchoka apo afika pa gulu la banki m'khonde, wina amuika pa sitetasi, wina amusamutsira pa memori khadi kwa anyamata oika nyimbo pamsika. Pofika kwa agogo kumudzi, kanemayo wadutsa m'manja khumi. Kachizindikiro ka Includes paid promotion si gawo la kanemayo, ndi YouTube imene imakaika pamwamba munthu akamaonera pa tsamba lake. Kanema akangotsitsidwa, kachizindikiroko katsala. Mawu a m'kabokosi ofotokozera atsala. Ka #ad katsala. Chimene chimayenda ndi kanemayo mpaka kumapeto ndi mawu amene munalankhula ndi zilembo zimene munazimata pa chithunzi pojambula ndi pokonza.

N'chifukwa chake ngakhale FTC imachenjeza kuti usadalire batani la tsamba lokha. Kwa iwo ndi chenjezo, koma kwa ife ndi mmene zinthu zilili tsiku lililonse. Chongani kabokosi chifukwa YouTube ikufuna, lembani pa mzere woyamba wa mawu ofotokozera chifukwa kampani ikufuna, koma lankhulani ndi pakamwa chifukwa woonera wanu weniweni ndi uja wa pa WhatsApp.

Pa chifukwa chomwecho, samalani mukamadula kanema wamtali kukhala tizidutswa ta masekondi 30. Kachidutswa kamene mukuyamikira mafuta kangakhale kochokera pa mphindi yachisanu, pamene mawu oulula anatsala pa mphindi yoyamba. Kachidutswa kalikonse kakhale ndi kuulula kwake. Ndipo mukamaulutsa pompopompo, anthu akulowa ndi kutuluka, bwerezani mawuwo nthawi ndi nthawi, monga timachitira kuno kuwailesi potchula dzina la pulogalamu pakati pa nkhani.

Wina angafunse kuti, "Malamulo a ku Amereka ndi ku Britain akundikhudza bwanji ine ndili ku Zomba?" Akukukhudzani m'njira zitatu zooneka. Malamulo a YouTube ndi TikTok munawavomera tsiku limene munatsegula akaunti, ndipo sayang'ana dziko. Kampani yakunja kapena nthambi yake ikakulembani ganyu imabwera ndi ndime zake za kuulula, ndipo mukaziphwanya ikhoza kukana kukulipirani. Ndipo ngati ndinu m'bale wathu amene mukujambulira ku Joni kapena ku Britain, malamulo a kumeneko ali pa inu mwachindunji, ngakhale mukulankhula Chichewa. Ku South Africa bungwe la Advertising Regulatory Board lili ndi malamulo ake a masamba a mchezo ofuna kuti malonda olipiridwa adziwike. Kuno ku Malawi kusocheretsa ogula potsatsa malonda ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake, ndipo ku Zambia kuli bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nditembenukire kwa inu oonera, chifukwa si onse ojambula amene adzaulule.

Pali zizindikiro zimene mungazione. Ojambula anayi kapena asanu osadziwana akayamba kuyamikira chinthu chimodzi m'sabata imodzi, ndi mawu ofanana, dziwani kuti mawuwo anachokera pa pepala limodzi. Botolo likakhala pa tebulo kanema yense, dzina lake litayang'ana kamera mosaphonya, silinafikepo mwangozi. Mukauzidwa kuti "potumiza oda tchulani dzina langa akuchotsereni mtengo", dzinalo ndi limene kampani ikuwerengera makasitomala amene wojambulayo wabweretsa, ndipo nthawi zambiri pamakhala komishoni. Chizindikiro chachikulu ndi chija tinachiona pa gemu ija: kusowa kwa dandaulo. Munthu amene wagwiritsadi ntchito foni kwa mwezi amapezapo kenakake, kaya batire, kaya kamera usiku, kaya mtengo. Ndemanga yopanda "koma" ndi mmodzi yemwe iyenera kukudabwitsani.

Zizindikirozi si umboni, ndipo musathamangire kunyoza munthu pagulu. Mufunseni mwaulemu kuti, "Achemwali, kodi akulipirani a kampaniyi?" Wojambula wachilungamo amayankha mosavuta. Pa katundu wa K2,000 mwina yankho lake silisintha zambiri. Koma ngati akukuitanirani ku mankhwala odzola osintha khungu, ku mankhwala ochepetsa thupi, ku ngongole za pa foni, kapena ku bizinesi yolonjeza kuti ndalama zanu zibereka kawiri pa mwezi, musatulutse tambala musanamve yankho, ndipo mukalimva mukafunsenso kwa munthu amene sadyerapo.

Kwa inu achemwali ndi achimwene ojambula amene mwakumbukira kanema wina amene munaika chaka chatha osaulula, kukonza kulipo. Lowani mu YouTube Studio lero lomwe, chongani kabokosi kaja ngakhale kanemayo ndi wakale, ndipo sinthani mzere woyamba wa mawu ofotokozera kuti unene amene anakulipirani. Mawu a pakamwa simungawaonjezerenso pa kanema amene anatuluka kale, choncho m'kanema wanu wotsatira nenani mwachidule kuti, "Uja wa mafuta uja anandilipira, ndinayenera kukuuzani." Ngati kanema wakaleyo akadali kuyenda kwambiri, mukonzeninso, muikemo mawuwo, mumutumize mwatsopano.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Pulogalamu ya lero palibe kampani imene yailipirira, ndipo palibe dzina limene latchulidwa muno chifukwa cha ndalama. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(KANYIMBO KOTSEKERA)